Foni Yalira, Koma Ndalama Yagwera Pati? Kutseka Tsiku m'Malo Odyera a pa Ulongwe

Wophika nsima yogulitsa pa Ulongwe, likulu la boma la Angonia m'chigawo cha Tete, masiku ano amalandira ndalama m'njira zinayi kapena zisanu. Mlimi wochokera ku Domwe amene wagulitsa matumba a kachewere amatulutsa ndalama yapamanja m'thumba la mkati mwa jekete. Wophunzira wa zaulimi pa UniZambeze amatumiza pa M-Pesa. Wa njinga yamoto ali ndi e-Mola chifukwa kumudzi kwawo netiweki imene imagwira bwino ndi ya Movitel. Mphunzitsi kapena namwino, malipiro akangolowa kubanki, amafunsa ngati kamakina ka khadi kakugwira. Ndipo pakabwera wamalonda wodutsa pa Kalomwe kuchokera ku Dedza, nthawi zina amatulutsa makwacha n'kufunsa ngati angawalandire.

Onsewa adya, onsewa alipira. Koma usiku, mipando itakwezedwa pamatebulo, mwini malo amakhala ndi bokosi la ndalama, mafoni awiri, timapepala ta khadi ndi kabuku kothimbirira mafuta, ndipo funso lake limakhala limodzi: kodi zimene zatuluka m'khitchini lero zalipiridwa zonse? Ambiri amayankha funsoli pophatikiza zonse pamodzi n'kuona ngati zikuyandikira zimene amayembekezera. Njira imeneyi ndiyo ikuwadyera phindu, ndipo ndiyo ikuchotsetsa ntchito atsikana operekera chakudya amene sadabe kanthu.

Njira zolipirirazi zidabwera imodzi imodzi. mKesh, ya kampani yomwe lero ndi Tmcel, idayamba mu 2011. Vodacom idabweretsa M-Pesa ku Mozambique mu 2013, ndipo e-Mola ya Movitel idadza pambuyo pake. Iliyonse ili ndi khomo lake pafoni: M-Pesa ndi *150#, e-Mola ndi *898#, mKesh ndi *500#. Makomo amenewa safuna intaneti, ndipo amatseguka ngakhale pa kafoni kamabatani. N'chifukwa chake kumadera ngati Angonia adalowerera msanga kuposa khadi. Kuyambira mu Julayi 2022, zikwama zitatuzi zidalumikizidwa kudzera mu SIMO, bungwe lomwe limalumikizanso mabanki, moti munthu wa e-Mola atha kutumiza ku nambala ya M-Pesa. Kwa kasitomala, ichi n'chopepukitsa. Kwa wolemba kabuku, chidabweretsa msampha watsopano umene tiuona kutsogoloku.

Kabuku kayambe, foni itsatire

Cholakwika chachikulu n'kutenga zimene zalowa pafoni ngati ndiye malonda a tsikulo. Foni imadziwa kuti kwalowa 800. Sidziwa ngati 800 imeneyo ndi ya nkhuku zinayi, kapena ndi ngongole ya sabata yatha, kapena mlamu watumiza yothandizira maliro. Choncho malonda ayenera kukhala ndi umboni wawo woima pawokha, wolembedwa chakudya chisanachoke m'khitchini, osati ndalama itafika.

Kumalo aang'ono, kabuku ka malisiti kokhala ndi manambala ndi pepala la kaboni n'kokwanira. Woperekera akalandira oda amalemba: nsima ya nkhuku ziwiri, Frozy mmodzi. Pepala lapamwamba limapita kwa wophika, amene amalibaya pa msomali. Lapansi limatsala m'kabuku. Wophika asapakule popanda pepala, ngakhale atafuula ndi mwini malo. Madzulo mapepala a pamsomali ndi a m'kabuku ayenera kufanana, ndipo nambala ikadumpha, pakhale wofotokoza. Katundu wowerengeka amathandiza kutsimikiza. Ngati m'mawa munali mabotolo 40 m'firiji, mwagula ena 48, ndipo usiku atsala 28, ndiye kuti atuluka 60, ndipo kabuku kaonetse 60. Nkhuku nazo n'chimodzimodzi: ngati imodzi mumaidula panayi ndipo mwapha khumi, nthuli 40 zioneke kuti zapita kuti. Ufa ndi nyemba n'zovuta kuwerenga motere, ndipo sindilimbikitsa kutaya nazo nthawi tsiku lililonse.

Kasitomala akamalipira, pa lisiti lomwelo palembedwe chilembo chimodzi chosonyeza kumene ndalama yagwera: K ya kashi, M ya M-Pesa, E ya e-Mola, B ya khadi ya kubanki, N ya ngongole. Mawu ofunika ndi akuti "kumene yagwera", osati kumene yachokera. Apa ndi pamene pali msampha uja. Kasitomala akati, "Achemwali, ndilipira pa e-Mola," koma n'kutumiza ku nambala yanu yoyamba ndi 84 kapena 85, ndalamayo yalowa mu M-Pesa yanu. Woperekera akalemba E chifukwa cha zimene wamva, usiku foni ya Movitel iperewera ndipo ya Vodacom ipyola, popanda wina wolakwira mnzake. Pa malipiro a pafoni, ndi bwino kuwonjezerapo manambala atatu omaliza a foni ya wotumiza. Masana anthu khumi amatha kutumiza 200 aliyense, ndipo popanda kachizindikiro kameneka simungadziwe kuti 200 yosowayo ndi ya tebulo liti.

Nambala ya ndani?

Mabaraka ambiri adayamba kulandira pa nambala ya mwini wake, yomwe ija amalandirirapo za kubanja, amagulirapo magetsi a Credelec a kunyumba, ndi kutumizirapo mwana wa kusukulu. Ena, mwini akachoka kupita kumsika ndi foni, woperekera amapereka nambala yakeyake kuti kasitomala asabwerere. Zolinga zimakhala zabwino, koma zikatere palibenso amene angathe kusiyanitsa ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo. Ndipo mtsikana amene walandira ndalama ya abwana pafoni pake wadziika yekha pamalo oti tsiku lina adzatchedwe wakuba.

Bizinesi ikhale ndi simukhadi yakeyake pa netiweki iliyonse imene ikulandirapo, ndipo foni yake ikhale pakauntala, yomangidwa ndi chingwe ngati kungafunike, osapita kumsika, osapita kumunda. Nambala ilembedwe pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu pamodzi ndi dzina limene limatuluka pafoni munthu akamatumiza, kuti kasitomala aone yekha asanalowetse nambala yake yachinsinsi. Amene angakwanitse alembetse akaunti ya wamalonda, monga Paga Fácil ya M-Pesa, m'malo mwa akaunti ya munthu wamba. Ubwino wake ndi wakuti malipiro a makasitomala amakhala padera ndipo mbiri yake imaoneka bwino. Polembetsa, funsani zinthu zitatu ndipo mayankho ake mulembe pachikuto cha kabuku: amadula zingati ndalama ikamalowa, amadula zingati mukamaichotsa kapena kuisamutsira kubanki, ndipo malire a ndalama zimene akauntiyo ingasunge kapena kulandira pa tsiku ndi otani. Mitengo imeneyi imasinthasintha, choncho musadalire zimene mnzanu adamva chaka chatha.

Nambala yachinsinsi yotulutsira ndalama ikhale ndi munthu mmodzi. Komano apa pali vuto lenileni: kuti muone balansi pa *150# kapena *898#, foni imafunsa nambala yachinsinsi yomweyo. Ndiye woperekera adziwa bwanji kuti ndalama yafikadi? Atha kuwerenga uthenga umene walowa pafoni ya pakauntala, ndipo ayenera kuphunzitsidwa kuuwerenga bwino.

"Ndatumiza, amayi, onani," amatero kasitomala akulozetsa foni yake. Zimene zili pafoni ya kasitomala si umboni. Utha kukhala uthenga wa dzulo, kapena chithunzi chokonzedwa, kapena adatumizadi koma ku nambala yolakwika ndi chiwerengero chimodzi. Umboni uli pafoni yanu. Ngakhale pamenepo muyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba ndi wotumiza uthengawo: uthenga weniweni umalowa pansi pa dzina la kampani, mumzere womwewo mmene muli mauthenga ena onse a tsikulo, pomwe wabodza umabwera kuchokera ku nambala wamba ya manambala asanu ndi anayi, ngakhale utayamba ndi Confirmado ngati weniweni. Chachiwiri ndi balansi yolembedwa kumapeto. Ngati uthenga wapitawo udati muli ndi 3,100 ndipo uwu ukunena za 400, balansi yatsopano iyenera kukhala 3,500. Wachinyengo sadziwa zimene zili m'chikwama chanu, choncho pamenepa amaphonya. Kuyang'ana zimenezi kumatenga kamphindi kochepa, koma pa nkhomaliro, anthu atadzaza, wina akuitanitsa madzi osamba m'manja, wina akufuna tsabola, kamphindi kameneko ndi kamene kamasowa.

Nthawi zina uthenga umangochedwa chifukwa cha netiweki, makamaka mvula ikamagwa ndi mphezi kapena magetsi akazima nthawi yaitali. Kumidzi ya m'malire foni imathanso kulumphira pa netiweki ya ku Malawi. Kasitomala wodziwika angaloledwe kupita, koma lisiti lake lilembedwe N, ngongole, kufikira uthenga utafika. Kulemba M pa ndalama imene simunaione ndiko kudzinamiza nokha.

Kamakina ka khadi ndi nthawi yake

Khadi ili ndi khalidwe lina. Ndalama ya pafoni imalowa nthawi yomweyo. Ya pakhadi imayamba yadikira. Malipiro onse amaunjikana m'kamakina mpaka mutachita zimene pamndandanda wake palembedwa kuti Fecho, ndiko kutseka. Mukatseka, kamatulutsa kapepala kosonyeza chiwerengero cha malipiro ndi ndalama zonse pamodzi, kenako banki imaika ndalamayo mu akaunti itachotsapo gawo lake malinga ndi pangano lanu. Zotsekedwa Loweruka usiku zitha kuonekera kubanki sabata yotsatira. Choncho khadi imayerekezedwa kawiri: usiku womwewo, timapepala tonse ndi kapepala kotsekera, kenako tsiku lina, kapepala kotsekera ndi zimene zalowa kubanki. Amene amalumpha gawo lachiwirili amatha miyezi osadziwa kuti tsiku lina kutseka sikudatheke ndipo ndalama sinafike.

Chovuta chimene chimakanganitsa anthu kwambiri n'chakuti kamakina kazungulira nthawi yaitali, kenako n'kutulutsa kapepala kokana, pomwe foni ya kasitomala yalira kuti banki yake yamudula. Iye akuti walipira, inu mulibe kalikonse. Kawirikawiri ndalama yotere imabwerera yokha mu akaunti yake, ndipo ikapanda kubwerera, woyenera kumuthandiza ndi banki yake, osati inu. Musawerenge malipiro amenewo ngati olowa, ndipo musamubwezere ndalama yapamanja. Mupatseni kapepala kokanako kuti akhale ndi umboni, mulembe nthawi ndi ndalama yake m'kabuku, ndipo mupemphe alipire mwa njira ina. Mawu ofatsa amathandiza: "Abambo, pepani, kwathu sikunalowe. Tengani kapepalaka, ndipo ikadzaoneka kwathu mawa, tidzakuimbirani." Lonjezo limenelo lisungidwe.

Timapepala ta kamakina sitikhalitsa. Zilembo zake zimatuluka ndi kutentha osati inki, moti tikakhala pafupi ndi mbaula kapena padzuwa timada kapena kufufutika, ndipo chala chamafuta a chipisi chimatisiya toyera. Tisungidwe m'envulopu kutali ndi khitchini, ndipo chiwerengero cha pa kapepala kotsekera chikoperedwe m'kabuku ndi cholembera usiku womwewo.

Aliyense wolandira khadi ku Mozambique akumbukire Novembala 2018. Pa 16 mwezi umenewo, SIMO italowa pamkangano ndi kampani ya ku Portugal yotchedwa Bizfirst, imene inkaipatsa pulogalamu yoyendetsera ntchitoyi, makina otulutsira ndalama ndi olipirira a mabanki ambiri adaima kwa masiku angapo m'dziko lonse. Pambuyo pake Banco de Moçambique idachita pangano ndi kampani ina, Euronet. Kumapeto kwa Okutobala 2024, pa chipwirikiti cha pambuyo pa chisankho, intaneti ya pafoni idadulidwadulidwa, ndipo timakina tambiri ta khadi timadalira simukhadi ndi intaneti yomweyo. Malo odyera aang'ono asasiye kusunga chenji chokwanira poganiza kuti aliyense alipira pamakina.

Tsiku limodzi, titaliwerengera

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, koma ofanana ndi zimene zimachitika. Ndi kumapeto kwa mwezi, anthu alandira, ndipo kabuku ka malisiti kakuonetsa kuti lero kwatuluka chakudya ndi zakumwa za 18,000 MT. Mukaphatikiza malinga ndi zilembo zija, kashi ndi 8,200, M-Pesa 5,300, e-Mola 2,100, khadi 1,900, ndipo 500 ndi ngongole ya anyamata a pagalaja amene amalipira Lachisanu. Zonse pamodzi zikukwana 18,000.

Lamulo lowerengera ndi limodzi pa thumba lililonse: zimene munayamba nazo m'mawa, kuphatikiza zogulitsa za m'kabuku, kuchotsa zimene mwatulutsa, ziyenera kufanana ndi zimene zilipo tsopano. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, moto usanakolezedwe, balansi ya foni iliyonse ndi chenji cha m'bokosi zilembedwe pamwamba pa tsamba.

M'bokosi munali chenji cha 1,000. Masana mwatapamo 600 ya makala ndi 400 ya tomato ndi anyezi, ndipo zonsezi zalembedwa. Muyenera kupezamo 8,200. Mwawerenga kawiri, muli 7,450. Yaperewera 750.

Pa M-Pesa munayamba ndi 1,200. Mwalipirapo wobweretsa nkhuku, ndipo yatuluka 2,000 kuphatikizapo yodulidwa potumiza. Muyenera kupeza 4,500, koma foni ikuti 5,200. Yapyola ndi 700. Pa e-Mola munayamba ndi 300, simunatulutse kanthu, muyenera kupeza 2,400, koma pali 2,650. Yapyola ndi 250. Kapepala kotsekera khadi kakuti 1,550 pomwe kabuku kakuti 1,900. Yaperewera 350.

Tsopano taonani mmene anthu awiri angaonere tsiku limeneli. Wophatikiza zonse pamodzi aona kuti zoperewera ndi 1,100, zopyola ndi 950, kusiyana kwake ndi 150 chabe. Anena kuti ndi za chenji, n'kuzimitsa nyali. Wongoyang'ana bokosi aona 750 yosowa, aitana mtsikana wa pakauntala n'kumuuza kuti aidula pamalipiro ake. Onse awiri alakwa. Tiyeni titsate thumba lililonse.

Tiyambe ndi losavuta. Pa e-Mola pali malipiro a 250 amene alibe lisiti lolembedwa E. M'kabuku muli chipisi ya nkhuku ya 250 yolembedwa K, ya nthawi yomweyo. Kasitomala adati alipira kashi, woperekera n'kulemba, kenako chenji chitavuta adatumiza pafoni. Kupyola kwa e-Mola kwatha, ndipo kuperewera kwa bokosi kwatsika kufika pa 500. Chizindikiro cha cholakwika chotere n'chakuti thumba lina laperewera ndi ndalama yomweyo imene lina lapyola nayo.

Pa M-Pesa muyenera kuyenda uthenga ndi uthenga, mukuchonga lisiti lililonse. Mupeza zinthu zitatu. Pali uthenga wa 800 pomwe lisiti la manambala atatu omwewo ndi la 300. Mtsikana akumbukira: bambo wina adadya za 300, n'kupempha kuti atumize 800 apatsidwe 500 pamanja, chifukwa ejenti wa pamsewu adalibe ndalama. Apo ndi pamene padapita 500 ya m'bokosi. Bokosi lakwana tsopano, ndipo palibe amene waba. Pali uthenga wina wa 600 wopanda lisiti lililonse la lero: ndi mphunzitsi amene wabweza ngongole ya sabata yatha. Imeneyi si malonda a lero, idawerengedwa kale tsiku limene adadya; chofunika n'kufufuta dzina lake m'buku la ngongole, apo ayi mudzamukumbutsa ngongole yobweza kale n'kutaya kasitomala. Chachitatu ndi lisiti la 400 lolembedwa M limene lilibe uthenga. Nambala yake palibe pafoni, ndipo mabalansi akutsatana bwino popanda 400 ameneyo. Anthu awiri adadya, adaonetsa foni yawo, napita. Mukaphatikiza 500 ndi 600, n'kuchotsa 400, mupeza 700 ija.

Pa khadi, m'envulopu muli kapepala kovomerezeka ka 350 kokhala ndi nthawi ya pambuyo pa kutseka. Kasitomala womaliza adalipira kamakina katatsekedwa kale. Ndalama sinatayike, idzatuluka pa kutseka kwa mawa, ndipo ilembedwe pa tsamba la mawa kuti isadzaoneke ngati yopyola. Pa 1,550 yotsekedwayo, ngati pangano lanu ndi banki litakhala la 2 pa 100, mu akaunti mulowa 1,519. Ndalama ya 31 yodulidwayo ilembedwe ngati zowonongedwa pa bizinesi, mofanana ndi makala. Malonda akhalebe 1,550.

Ndiye kuti tsiku limene limaoneka ngati laperewera 150 lataya 400 yeniyeni, yomwe idabisala kuseri kwa ngongole yobwezedwa. Ndipo mtsikana amene akadadulidwa 750 sadatenge ngakhale khobidi. Chimene adalakwa ndi kukhulupirira foni ya mlendo ndi kupereka 500 osalemba, ndipo zonse ziwirizi mankhwala ake ndi kuphunzitsa. Zimandipweteka kuona ana ogwira ntchito m'malo odyera, amene malipiro awo ndi ochepa kale, akulipitsidwa shoti imene palibe adaifufuza. Mwini malo amene sanayende uthenga ndi uthenga alibe chifukwa chokwanira chodulira munthu.

Malo odyera asasanduke ejenti

Nkhani ya 500 ija ndi yofunika kuibwerera, chifukwa ndi imene imasokoneza mabuku kuposa zina zonse ndipo imaoneka ngati chifundo chabe. Nyengo yokolola, pamene ogula kachewere, soya ndi nyemba adzaza m'tauni, maejenti amathedwa ndalama yapamanja msanga, ndipo anthu amathamangira kulikonse kumene kuli bokosi. Kukana munthu amene wangodya kwanu n'kovuta. Koma taonani zimene zimachitika. Mwapereka ndalama yapamanja, imene mukadagulira ndiwo mawa kwa amayi a pamsika osadulidwa kanthu, ndipo mwalandira ya pafoni, imene kuti muichotse kwa ejenti mudzadulidwa. Kasitomala wapewa kudulidwa, ndipo mtolowo wagwera inu. Chenji chanu chatha nkhomaliro isanafike. Pamwamba pa izo, amene akufuna kuba ndi uthenga wabodza amakonda njira yomweyi, chifukwa amachoka ndi chakudya m'mimba ndi ndalama m'thumba.

Maganizo anga ndi akuti mwini malo aikepo lamulo loti zoterezi azivomereza ndi iye yekha, kwa anthu odziwika, ndipo zilembedwe pa tsamba lakelake la "zosinthana": nthawi, ndalama yolowa pafoni, ndalama yotuluka m'bokosi. Tsamba lomwelo lilandire kusamuka kwina kulikonse kwa ndalama kumene si malonda. Mwachotsa 3,000 pa M-Pesa kwa ejenti n'kuika m'bokosi? Lembani, pamodzi ndi yodulidwa. Mwasamutsa kuchokera ku e-Mola kupita kubanki? Lembani. Mwatapa yogulira ufa wa kunyumba? Lembaninso, osachita manyazi, ndi bizinesi yanu. Ndalama ikamachoka thumba lina kupita lina ili ngati madzi otungidwa mumtsuko kuthira mu ndowa: sadachuluke, koma woyeza chotengera chimodzi aganiza kuti ena atayika.

Makwacha nawo akhale ndi mzere wawo. Ngati mwavomera kulandira, lembani kuti mwalandira makwacha angati ndi pa mtengo wanji, muwasunge m'envulopu yapadera, ndipo tsiku losintha mulembe zimene mwapezadi. Kwacha ya Malawi idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo aliyense wa m'malire amene adagona ndi mpukutu wake m'bokosi akukumbukira. Si ndalama yosunga masabata.

Pali chifukwa china chosiyanitsira malonda ndi ndalama zongodutsa. Lamulo la 2009 limene lidakhazikitsa msonkho wa amalonda aang'ono, ISPC, lidauika pa 3 pa 100 ya zogulitsa zonse, osati pa phindu. Ndalama ya pafoni ndi ya pakhadi imasiya mbiri imene siifufutika. Munthu amene pa nambala yake pamalowa za nsima, za ngongole, za kusinthana ndi za kubanja mosakanikirana adzavutika kusonyeza a Autoridade Tributária, kapena banki imene akupemphako ngongole, kuti malonda ake enieni ndi angati. Kabuku kotsekedwa bwino tsiku ndi tsiku ndi kamene kangamuyankhire.

Ntchito yonseyi imafuna nthawi imodzi yokhazikika. Sankhani ola lotsekera, tinene 9 koloko usiku, ndipo pa ola limenelo chitani zonse motsatana: werengani bokosi, onani balansi ya mafoni onse, tsekani kamakina ka khadi. Chobwera pambuyo pake ndi cha mawa, ngakhale chitabwera patangodutsa mphindi zisanu. Powerenga pakhale anthu awiri, mwini kapena womuimira ndi amene anali pakauntala, ndipo onse asayine pansi pa tsamba. Mauthenga a pafoni asafufutidwe tsiku lisanatsekedwe. Timafoni tamabatani timadzaza msanga ndipo tikadzaza mauthenga atsopano salowa, choncho afufutidwe m'mawa, a dzulo okhaokha, atachongedwa kale.

Kufufuza kusadikire Lamlungu. Lero mtsikana akukumbukira bambo wa chipewa amene adapempha 500, ndi tebulo limene padakhala anthu awiri a 400 aja. Pakapita masiku anayi, mauthenga a 200 adzakhala ataunjikana mazana, nkhope zitaiwalika. Ngati malipiro adapita ku nambala yolakwika kapena pali chokafunsa kukampani ya foni kapena kubanki, adzafuna nambala ya malipirowo, tsiku ndi nthawi yake, ndipo kasitomala amene angakupatseni zimenezi mwina adzakhala atakwera kale galimoto ya ku Tete kapena atawoloka pa Kalomwe. Kamodzi pa sabata, tengani sitetimenti ya kubanki, muchonge kutseka kulikonse kwa khadi ndi ndalama imene yalowa, ndipo kutseka kumene kwatha masiku atatu ogwira ntchito kusanaonekere mukakufunse kunthambi mutanyamula kapepala kake.